Msuzi wa mafupa ndi sosi: njira iti pa mbale iti, ndipo zimaonongekera pati

Wophunzira aliyense wofika m'khitchini mwathu ndimayamba ndamupatsa poto wa mafupa, osati mpeni. Ambiri amakhumudwa, chifukwa amabwera ndi mtima wofuna kuotcha nyama ndi kukongoletsa mbale. Koma pa poto ameneyu ndi pamene ndimadziwira ngati munthu amatha kusunga moto. Msuzi wa mafupa, umene m'makhitchini timangoutchula kuti sitoko, si supu yoti mupatse mlendo. Ndi madzi amene atenga kukoma ndi kunanda kwa mafupa, opanda mchere, odikira kuti asanduke sosi, supu kapena madzi ophikira mpunga. Sitoko akalakwika, sosi yonse yochokera pa iye imalakwika, ndipo kirimu kapena zokometsera zilizonse sizingabise.

Zosankha zilipo pawiri. Koyamba musankhe sitoko, kenako musankhe cholimbitsira. Ndiyamba ndi sitoko.

Woyera wa nkhuku

Uyu ndiye woyambira kuphunzira, ndipo ndiye amagwira ntchito zambiri. Tengani makilogalamu 2 a mafupa a nkhuku osaphika: misana, makosi, nsonga za mapiko. Muonjezepo zipalapasiro zodula zikhadabo ngati zilipo, chifukwa m'khungu ndi m'mitsempha yake ndi mmene muli kolajeni wambiri, amene akaphikidwa nthawi yaitali amasanduka jelatini. Jelatiniyu ndiye amachititsa kuti sosi izimata pang'ono pa milomo. Nkhuku ya lokolo imapereka sitoko wokoma kuposa ya chizungu, popeza imakhala yokhwima, koma imafuna nthawi yochulukirapo.

Tsukani mafupa, muchotse magazi oundana ndi mapapo otsalira ku msana, muike mu poto wamtali, ndipo muthire malita 3 a madzi ozizira. Madziwo akhale ozizira ndithu. Akamatentha pang'onopang'ono, zonyansa za m'magazi ndi m'nyama zimaundana kukhala thovu lotuwa limene limayandama pamwamba, inu n'kumaliwaula ndi chipande. Madzi akangofika poti awire, chepetsani moto. Chimene mukufuna ndi kathovu kamodzikamodzi kotumphuka apa ndi apo, kutentha kwa madigiri 85 mpaka 90, osati kubwata ngati nyemba. Mukatha kuwaula, ikani magalamu 300 a masamba: theka anyezi, theka linalo ligawane karoti ndi selari. Selari akasowa pa msika, liki kapena mapesi a pasile amathandiza. Ponyanimo tsamba limodzi la bei ndi njere zochepa za tsabola wakuda. Musavindikire. Pakatha maola 3 kapena 4, sefani, ndipo mupeza malita pafupifupi 2.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera, ndipo chowagwetsa ndi moto. Sitoko akabwata, thovu ndi mafuta zimene zinayenera kuyandama zimamenyedwa n'kusweka kukhala tizidutswa tosaoneka, tobwerera m'madzi. Sitoko amatuluka wambuu ngati madzi otsukira mpunga, ndipo pa lilime amamveka mafuta. Sefa singachotse zimenezo. Kutakasa kumachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mthiko ulibe ntchito pa poto ameneyu. Ngati mukuphikira pa mbaula, phulani makala ena, otsalawo muwakankhire mbali imodzi kuti poto aziwira mbali imodzi yokha. Thovu lonse limathawira mbali yozizirayo ndipo kuwaula kumaphweka.

Mudziwa bwanji kuti wabwino? Thirani pang'ono mu kapu yagalasi: akhale wachikasu chotuwa, woti muone chala chanu kuseri kwa kapuyo. Akagona mu furiji azinjenjemera ngati jeli mukagwedeza chidebe. Akakhala madzimadzi m'mawa, madzi anachuluka, kapena munali mafupa okhaokha opanda mfundo ndi khungu.

Wofiirira wa ng'ombe

Kusiyana kwake n'koti mafupa amayamba aotchedwa. Mukagule mafupa a m'mfundo ndi a m'miyendo, ndipo opha nyama akudulireni tizidutswa tosapitirira chibakera. Mang'ina amodzi oduladula amapereka jelatini wambiri. Yalani mafupawo mu thireyi osasanjikiza, muotche mu uvuni pa madigiri 200 kwa mphindi 45 mpaka ola, mukutembenuza. Masamba alowe chakumapeto, chifukwa amapsa msanga kuposa mafupa, pamodzi ndi masupuni awiri a phala la tomato la m'chitini. Zikafiira bwino, zisamutsireni mu poto, mukhetse mafuta a mu thireyi, muthiremo kapu ya madzi ndi kupala zonse zomatirira pansi. Zomatirazo ndiye chuma chake. Wophunzira wothamangira nayo thireyi kosuka mbale wataya theka la kukoma. Kuchokera apo malamulo ndi omwe aja: madzi ozizira, kuwaula, moto wochepa, koma maola 6 mpaka 8.

Mdani wa sitoko wofiirira ndi kupserera. Kufiira ndi kuda n'zosiyana. Fupa limodzi lakuda, kapena anyezi wopserera m'mphepete mwa thireyi, amawawitsa poto yense, ndipo kuwawako kumakula mukamaphwetsa. Ena amathira shuga pofuna kubisa, koma zimangokhala zowawa zotsekemera. Chakuda chilichonse chichotseni chisanalowe m'madzi.

Kodi ndi woyenera nthawi yake? Ngati pa menyu pali nyama yootcha ya ng'ombe kapena ya mbuzi yofuna sosi yakuda yonyezimira, palibe cholowa m'malo mwake. Koma pa malo aang'ono, amene gasi ndi makala amawerengedwa, maola 8 ndi ndalama. Ine ndimalangiza njira ya pakati: otchani mafupa a nkhuku mpaka afiire, muwaphike maola 4. Mupeza sitoko wofiirira wopepuka amene amayenda ndi nyama iliyonse.

Wa nsomba

Uyu ndi wachangu, ndipo cholakwika chake ndi chosemphana ndi enawo: kuphika nthawi yaitali. Kwa ife a kunyanja, mitu ndi minga ya chambo yotsala tikachotsa minofu ndi yabwino kwambiri. Chotsani makha onse ndi matumbo, muviike mafupa m'madzi ozizira mpaka magazi atuluke. Fewetsani anyezi mu batala pang'ono osamufiiritsa, ikani mafupa, thirani madzi ozizira ongokwanira kumiza, ndipo akayamba kuwira muwerenge mphindi 20 mpaka 30. Mukapitirira apo, kununkhira kwabwino kumatha, pamabwera fungo lamphamvu ndi kukoma kwa choko. Nsomba za mafuta ambiri monga mlamba, kapena zouma zofutsa pa utsi, zimapanga ndiwo zokoma koma sitoko wake amakhala wolemera ndi wa fungo lolanda chilichonse.

Nanga makyubu?

Tisanamizane, m'makhitchini ambiri kyubu wa sitoko wogula m'sitolo ndiye amagwira ntchito, ndipo sindimunyoza. Pa mphodza ya antchito, pa mpunga, pa tsiku limene mafupa sanabwere, amapulumutsa. Koma mudziwe zinthu ziwiri. Mbali yaikulu ya kyubu ndi mchere, ndipo mulibe jelatini. Choncho simungamuphwetse: akamaphwa amangowawa mchere osanenepa. Ngati mwagwiritsa ntchito kyubu, musungunule m'madzi ochulukirapo kuposa olembedwa pa pepala lake, mulimbitse ndi fulawa, ndipo mchere wina musaonjezere musanalawe.

Nkhani ya mchereyi ndi masamu chabe. Mukathira mchere wokwanira mu malita 4 a sitoko, kenako n'kuwaphwetsa mpaka lita imodzi, malita atatu a madzi apita kumwamba koma mchere wonse watsala. Sosi yanu ili ndi mchere kanayi. N'chifukwa chake sitoko sathira mchere, ngakhale dzanja likuyabwa chotani. Nkhani yoti mbatata ya kachewere imayamwa mchere wopitirira musaidalire. Imangoyamwa msuzi womwewo. Chothandiza n'kuonjezera sitoko wina wopanda mchere.

Kuziziritsa, kumene ndinaphunzira ndi manyazi

Ndili wophunzira pa hotela ina, ndinaphika sitoko wa ng'ombe tsiku lonse, malita pafupifupi 20, wokongola. Usiku ndinavindikira poto ali wotentha n'kumukankhira m'chipinda chozizira. M'mawa mkulu wa khitchini anavundukula, ananunkhiza, n'kundiitana. Pamwamba panali timathovu ngati thobwa loyamba kusasa. Anangoti, "Mphwanga, pisa dzanja pambali pa potoyo." Mbali inali yozizira. Kenako analowetsa chipande mpaka pakati n'kundipatsa: munali mofunda ngati madzi osambitsira mwana. Ndinakataya ndekha, mabigiri awiri.

Madzi ochuluka chonchi sazizira msanga pakati, ndipo kufunda kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi kumene tizilombo timaswana. Tina timapirira ngakhale kuwira, n'kudzuka sitoko akayamba kuzizira, ndipo toopsa kwambiri sitisintha fungo. Lamulo limene oyang'anira zaukhondo ambiri amatsata n'lakuti chakudya chitsike kufika madigiri 21 m'maola 2, kenako madigiri 5 m'maola 4 otsatira. Njira yake: gawani sitoko m'zidebe zosaya, muziimike m'madzi a ayezi, mutakase (tsopano kutakasa n'kololedwa), ndipo mulembe tsiku. Mu furiji amakhala masiku 3. Kwa ife amene magetsi amatithimira osatsanzika, ndi nzeru kumuphwetsa kwambiri kuti achepe ndi kumuumitsa mu firiza m'timagawo ting'onoting'ono.

Cholimbitsira: ruu, konifulawa kapena kuphwetsa

M'masukulu a zophika mudzamva za sosi zisanu zimene amati ndi amayi a zinzake. Kasanjidwe kameneka kanachokera ku Falansa: Marie-Antoine Carême anakayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo Auguste Escoffier anakakonza m'buku lake la 1903. Maina ake ndi beshameli, velute, esipanyole, ya tomato ndi holandezi. Mainawo amaopsa, koma zitatu zoyambazo ndi chinthu chimodzi: madzi olimbitsidwa ndi ruu. Mkaka ukupatsani beshameli, sitoko woyera velute, sitoko wofiirira esipanyole. Choncho chofunika kudziwa ndi ruu.

Ruu ndi batala ndi fulawa zolemera mofanana, zokazingidwa pamodzi. Ndati zolemera, pa sikelo; supuni ya batala ndi supuni ya fulawa sizilemera mofanana. Mafuta amakuta kanjere kalikonse ka fulawa kuti tisamatane tikakumana ndi madzi. Mukakazinga mphindi 2 kapena 3 osasintha mtundu, ndi ruu woyera wa beshameli. Mukapitiriza mpaka aoneke ngati mchenga ndi kununkhira ngati bisiketi, ndi wa velute. Mukafika pa mtundu wa chiponde, ndi wofiirira, koma mudziwe kuti ruu akamafiira mphamvu yake yolimbitsa imachepa, ndiye mufunika wochulukirapo. Majarini amagwira ntchito ngati batala wadula, kungoti kukoma kumatsika.

Ubwino wa ruu n'kupirira. Sosi yake imatha kudikira pa moto wochepa nthawi yonse ya chakudya chamadzulo osasungunuka. Kuipa kwake: imafuna mphindi 20 kapena kuposerapo kuti fungo la fulawa lithe, ndipo siioneka mbee.

Konifulawa, ufa wosalala wa sitachi ya chimanga, ndi njira ya changu. Supuni yaikulu imodzi, yosungunulidwa m'madzi ozizira pang'ono, imalimbitsa mamililita 250. Mumathira mu msuzi wowira mukutakasa, ndipo m'mphindi imodzi kapena ziwiri yalimba, yonyezimira, yoonekera mkati. Pa nkhuku yokazinga ndi masamba mwa Chitchaina, iyi ndiyo njira yake. Imathandizanso mlendo amene sadya tirigu. Koma mukaiwiritsa nthawi yaitali kapena kuitakasa mwamphamvu imabwerera kukhala madzi, ndipo mukachulutsa imanjenjemera ngati kasitadi. Mukathira ufawo wouma mu msuzi wotentha, mukudziwa kale chotsatira chake, chifukwa nsima ya mibulu tonse tinaidyapo. Wina asakusokonezeni ndi ufa woyera wa nsima. Ndi chimanga chomwecho, koma umenewo ukupatsani phala.

Kuphwetsa kulibe chothira. Mumangowiritsa sitoko wosefedwa, wochotsa mafuta, mu poto wotambalala mpaka atsale gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Apa moto ukhoza kukwera, popeza zodetsa zinachoka kale. Kukoma kwake n'kopambana njira zonse, koma n'kodula, ndipo kumaulula chinsinsi chilichonse cha sitoko wanu: mchere, kupserera, kusowa jelatini. Pa mbale ya munthu mmodzi wolipira bwino, masupuni awiri a sosi yotere amakwana. Pa ukwati wa anthu 300 musayese, gwirani ruu.

Tiyeseze: velute ya anthu 20

Tinene kuti mwauzidwa kukonza sosi ya nkhuku yophika ya anthu 20. Munthu mmodzi mamililita 50, ndiye lita imodzi. Mwa malita 2 a sitoko woyera uja, pimani lita imodzi ndi mamililita 200, chifukwa ena aphwa pophika. Mutenthetse kuti afunde. Mu poto wokhuthala pansi, sungunulani magalamu 60 a batala pa moto wapakati, thirani magalamu 60 a fulawa kamodzi, ndipo mutakase ndi mthiko osasiya kwa mphindi 4 kapena 5, mpaka mtundu wa mchenga uja. Phulani poto, adikire mphindi imodzi.

Tsopano chipande chimodzi cha sitoko. Muona zonse zikugwirana kukhala chibumi chonga nsima, ndipo apa wophunzira amachita mantha n'kukhuthula sitoko yense. Ndiye kulakwa kwake kumeneko. Chibumicho n'chabwino. Chimenyeni mpaka chisalale, muthire chipande chachiwiri, mumenyenso. Pofika chachinayi chasanduka phala losalala, ndipo otsalawo mukhoza kuthira mokulirapo mukupukusa ndi chopukusira cha waya. Bwezerani pa moto, chiwire kamodzi, kenako muchepetse moto kwa mphindi 20 mpaka 30, mukuwaula kakhungu kobwera pamwamba ndi kupala m'ngodya za poto, mmene chopukusira sichifika.

Poyesa, viikani supuni, mutembenuze, mudutsitse chala kumsana kwake. Kanjira kachalako kakhale koyera osatsekeka msanga. Kakatsekeka, sosi ndi yamadzi, ipitirize kuphwa. Ngati sosi ikukhala pa supuni ngati phala la mwana, onjezani sitoko. Lawani: mukamva ngati mwanyambita fulawa, sinapse. Ikakhala bwino, ndi pamene mchere ulowe, tsabola woyera, mamililita 100 a kirimu ngati alipo, ndi madontho a ndimu mutaphula. Sefani. Pakani kabatala pamwamba kapena vindikirani ndi pepala logunda sosiyo kuti isachite khungu.

Mibulu ikabwera si mapeto, sefa imaichotsa. Kupserera ndiye kulibe mankhwala enieni. Mukamva kafungo, musapale pansi. Khuthulirani msanga zapamwamba mu poto wina, mulawe, ndipo ngati utsi walowa, yambaninso. Chinanso chimene ambiri sadziwa: kupukusa ndi waya wachitsulo mu poto wa aluminiyamu kumatuwitsa sosi yoyera. M'mapoto athu ambiri a pa msika, mthiko ndiwo wotetezeka.

Beshameli imayenda njira yomweyi, ndi mkaka m'malo mwa sitoko ndi ruu woyera. Mkaka umapserera msanga kuposa sitoko, ndiye musachoke pa poto. Mukafuna kuthiramo tchizi, phulani kaye. Tchizi akawira amatulutsa mafuta n'kuchita timibulu.

Holandezi ili payokha

Iyi siifuna sitoko kapena fulawa, ndipo ndiyo imaliza ophunzira. Cholimbitsa ndi yolki ya dzira, imene imagwira timadontho ta batala kuti tisasiyane ndi madzi. Mayolki 3, supuni ya madzi ndi ya viniga kapena ndimu, mupukuse m'mbale yokhazikika pamwamba pa poto wa madzi otentha, mbaleyo isagunde madzi. Zikatuwa n'kunenepa moti chopukusira chikusiya mizere, chotsani pa nthunzi n'kuyamba kuthira magalamu 200 a batala wosungunula wofunda, poyamba dontho ndi dontho, kenako kamtsinje kowonda.

Imalakwika pawiri. Kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 70, mazira amapsa n'kukhala tizibulu, ndipo zimenezo sizibwerera. Batala akathiridwa mothamanga, kapena zikazizira kwambiri, sosi imaduka: mafuta mbali, dzira mbali. Yoduka imachiritsika. Tengani mbale yoyera, muikemo yolki yatsopano ndi supuni ya madzi ofunda, ndipo muthiremo sosi yodukayo pang'onopang'ono mukupukusa, ngati kuti ndi batala. Popeza mazira ake sapsa kwenikweni ndipo imasungidwa mofunda, isadutse maola 2, ndipo yotsala ndi yotaya. Pa bufe ya panja mwezi wa Okutobala ine sindiiika n'komwe. Nsomba ndimaipatsa velute ya sitoko wa chambo, yothira ndimu ndi pasile.